Mayi Lachisanu Sankalemba Kuti "Posachedwa"

Mu ofesi mwathu munthu saitanidwa dzina lake lenileni. Ine amanditchula Aphwanya, chifukwa ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu omwe anzanga apanga, kuwadina uku ndi uku mpaka ataphwanyika kasitomala asanawaone. Si ntchito yopezera abwenzi. Koma nkhani ino si yanga. Ndi ya mayi amene amakhala pa desiki loyang'anizana ndi langa, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino, amene tonse timawatchula Mayi Lachisanu.

Iwo salemba mapulogalamu. Ntchito yawo ndi yoima pakati pa ife ndi makasitomala: kumva zomwe kasitomala akufuna, kutigawira, kenaka n'kubwerera kukamuuza pomwe tafika. Dzinalo linachokera pa imelo yomwe amatumizira kasitomala aliyense Lachisanu lililonse tisanaweruke, kaya zinthu zayenda kaya zathina. M'imelomo amalembamo zomwe zatha, zomwe sizinathe ndi chifukwa chake, ndiponso tsiku lomwe zidzathe. Mawu oti "posachedwa" ankadana nawo ngati ntchentche ya mu tiyi. Wina akawauza kuti amaliza posachedwa, ankaloza kalendala ya pakhoma ndi cholembera n'kunena kuti, "Ndaifufuza yonseyi, bambo, tsiku limenelo palibepo. Ndiuzeni lina."

Anali ndi lamulo linanso. Ukanena kuti gawo lako latha, ankakoka mpando n'kukhala pambali pako. "Ndionetseni." Sankakalipa ayi. Ankangokhala phee, manja pamiyendo, kudikira kuti chinthucho chigwire ntchito iwo akuona. Amuna akuluakulu a ndevu zawo ankatuluka thukuta ndi mawu amodzi amenewo. Ine ndinkasangalala nazo, sindikubisirani, chifukwa ankandichepetsera adani.

Mbiri yawo ndinkaimva pang'onopang'ono, nthawi ya nkhomaliro, tikudyera pa masitepe a kuseri. Makolo awo anamwalira motsatizana iwo atangoyamba ntchito yoyankha mafoni pa kampani ina yonyamula katundu. Anatsala ndi mlongo wawo wamng'ono yemwe anali asanayambe n'komwe sukulu. Anamulera m'chipinda chimodzi cha lendi, bedi n'kumusiyira, iwo n'kumagona pansi. Ukwati unabwera n'kupita, mwamunayo atanena kuti sanakwatire anthu awiri. Iwo nkhani imeneyi ankainena akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Pa ntchito ya mafoni ija ndi pomwe anaphunzira zonse. Tsiku lonse ankauzidwa kuti aziuza anthu kuti katundu wawo ali m'njira, chonsecho galimoto ili pagalaja matayala m'mwamba. "Munthu ukamuuza zoona amakutukwana kamodzi," ankatero. "Ukamunamiza amabwera mawa, mkuja, ndi ana omwe, kudzadikira chinthu chomwe kulibe." Anati tsiku lomwe anachoka kumeneko analumbira kuti pakamwa pawo sipadzatulukanso tsiku labodza.

Mlongo wawo uja anakula, anaphunzira zolemba mapulogalamu, ndipo mutu wake unali wakuthwa zedi. Mpata utapezeka kwathu, Mayi Lachisanu anakagogoda okha kwa Bwana, chinthu chomwe anali asanachitirepo munthu. Bwana anamulemba pa kontirakiti yoyeserera, kuti akamaliza bwino ntchito yake yoyamba amukhazikitse. Anyamata a mu ofesi anangomupatsa dzina loti Alamu, aliyense kudzitenga ngati ndiye adzakwatire achemwali ake. Iye ankawayankha kuti ayambe agula nsapato zooneka. Anali munthu wansangala, wamtali, woyenda ngati nthawi ndi yake. M'mawa ankabwera limodzi ndi achemwali ake atawanyamulira chikwama, madzulo ankawadikira pakhomo. Ukawaona, mtima unkachita bwino.

Ntchito yoyamba ya Alamu inali ya kasitomala wathu wamkulu, kampani yogawa mankhwala m'mafamase. Madalaivala awo anali kale ndi pulogalamu yathu pafoni, koma inkafuna netiweki. Akafika malo opanda netiweki ankabwerera ku mapepala. Gawo latsopano linali loti dalaivala azilemba katundu yemwe watsitsa ngakhale netiweki palibe, foni izisunga, ndipo netiweki ikabwera izitumiza yokha ku seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, komwe katunduyo amachotsedwa pa chiwerengero cha m'nyumba yosungira. Tinalonjeza kupereka gawoli kumapeto kwa mwezi. Kwa kasitomalayo tinkayankhulana ndi bambo oyang'anira magalimoto, munthu wofatsa koma wosunga imelo iliyonse. Iwo anali atakonza kale zoti Loweruka lotsatira tsiku lathulo adzaimitse magalimoto onse n'kusonkhanitsa madalaivala kuti aphunzire.

Apa ndi pomwe khoswe anakhala pamkhate. Lachisanu lililonse Mayi Lachisanu ankazungulira madesiki athu ndi mpando wawo uja. Koma akafika pa Alamu sankakoka mpando. Ankangoima, dzanja paphewa pake.

"Iwe, zili pati?"

"Zatsala pang'ono, achemwali. Ndikungosalaza m'mbalimu."

Basi, ankapitirira. Ankalembera kasitomala kuti gawolo likuyenda bwino ndipo tsiku silinasinthe. Analemba choncho kangapo konse. Tonse tinkaona, koma ndani akanayankhula? Munthu amene unamusambitsa, unamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, sumuuza kuti ndionetse.

Gawolo linafika kwa ine mochedwa, Lachitatu, kutatsala sabata imodzi ndi masiku ochepa. Pa desiki linkagwira bwino. Ukazimitsa netiweki n'kuyatsanso, zonse zinkapita mwaulemu. Koma ine ndimadziwa kuti pamsewu netiweki sizima mwaulemu, imabwera n'kuthawa ngati mwana woba shuga. M'nyumba yathu ya ofesi muli malo amodzi otero, pansi pa masitepe opita koimika magalimoto, pomwe amasungira zitsulo za mipando yothyoka. Ndinapita kumeneko ndi foni yoyesera, ndinalemba kuti ndatsitsa makatoni a mankhwala pa famase yongopeka, ndinadina. Nditabwerera pamwamba ndinapeza katunduyo wachotsedwa kawiri. Ndinabwereza. Ulendo wina anachotsedwa katatu.

Vuto lake linali losavuta kulimva. Foni ikatumiza, seva inkalandira n'kuyankha kuti zafika. Netiweki ikaduka yankholo lisanafike, foni inkaganiza kuti sizinapite, n'kutumizanso. Seva inalibe njira yodziwira kuti izi ndi zomwe zija. Kwa kampani ya mankhwala, zimenezi zikutanthauza kuti kompyuta izinena kuti mankhwala atha ali tho m'mashelefu, ndipo dalaivala azifunsidwa za katundu yemwe sanamuone.

Ndinayamba ndamuonetsa Alamu mwiniwake. Sanadabwe, ndipo apo m'pomwe mtima wanga unagwa. Anatseka laputopu pang'onopang'ono n'kunena motsitsa mawu kuti analiona kalekale vutolo. Anali akuliphimba ndi zigamba, akamata apa pang'ambika apo. Kukonza kwenikweni kunkafuna kuti chilichonse chomwe dalaivala walemba chizipatsidwa nambala yakeyake pafoni pomwepo, seva izikana nambala yomwe yailandira kale, ndiponso kukonzanso momwe katundu amachotsedwera. Imeneyo sinali ntchito ya sabata imodzi, ndipo iye ankadziwa.

"Bwanji osanena, Alamu?"

"Ndikanawauza bwanji? Anakandipemphera okha ntchitoyi."

Ndinalemba vutolo momwe timalembera mavuto onse, poti ndiyo ntchito yanga. Mayi Lachisanu anawerenga Lachinayi m'mawa. Anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, anawavalanso. Kenaka anakoka mpando uja, kwa nthawi yoyamba, n'kukakhala pambali pa mlongo wawo. Sindinamve zomwe ananena. Ndinangoona khosi la Alamu likuwerama.

Masana ake anatiitana, ine, Alamu ndi mkulu wa olemba mapulogalamu yemwe timamutchula Agogo chifukwa cha imvi zobwera msanga. Anatifunsa mmodzimmodzi kuti kukonza kutenga nthawi yotani, kuyesa kutenga nthawi yotani, ndipo zikapezeka zina tidzazikonza liti. Alamu anati akhoza kumaliza pa sabata imodzi ngati atamagona mu ofesi. Agogo anapukusa mutu n'kutchula masabata atatu. Ine ndinawonjezera nthawi yanga yoyesera pansi pa masitepe ndi m'galimoto yoyenda. Mayi Lachisanu anatenga za Agogo ndi zanga, anawerenga pa kalendala, anazunguliza tsiku. Za mlongo wawo sanazilembe.

Bwana atamva kuti tsiku lisuntha, nzeru inawabwerera msanga. Kasitomala anali atapempha pakatikati kuti tiwonjezere malo ojambula chithunzi cha siginecha ya wolandira katundu. "Lembani kuti chimenecho ndi chomwe chatichedwetsa," anatero. "Iwowo ndi amene anasintha zinthu." Mayi Lachisanu anayankha mofatsa kuti chithunzicho chinatha kalekale ndipo analemba okha m'imelo ya nthawiyo kuti chatha. Bambo a magalimoto aja akangotsegula imelo yakale, tonse tidzaoneka ambava. Bwana anakweza mapewa. Panthawiyo n'kuti asakudziwa kuti vutolo linkadziwika kale.

Lachisanu litakwana, nthawi ya nkhomaliro, ndinali m'kakhitchini ka ofesi ndikutsuka kapu pomwe awiriwo analowa. Sanandione msanga, ndipo atandiona zinali zitayamba kale.

"Achemwali, ndapota nanu. Lembani zomwe anena abwanazo. Kapena munene kuti ndi seva. Ndani akafufuze?"

"Dzina lako sinditchula."

"Mukutchula ndani nanga? Gawolo ndi la munthu mmodzi. Abwana amalandira nawo imeloyo. Akangoona kuti zomwe munkalemba zija sizinali zoona, afunsa kuti ankakuuzani ndani."

"Ndikalemba bodza lero, sabata yamawa ndidzalemba chiyani? Bambo aja akuimitsa magalimoto onse chifukwa cha mawu anga."

"Magalimoto! Ine ndi magalimoto, mwasankha magalimoto?"

Mayi Lachisanu anagwira m'mphepete mwa sinki. "Mwana wa amayi, ndinakusankha pomwe unali usanadziwe kupukuta mamina. Usandifunse zimenezo."

"Ndiye ndisankheninso lero. Kamodzi kokha."

Ketulo inawira n'kudzizimitsa yokha. Alamu anatuluka, chitseko anachitseka bwinobwino, ndipo kukanakhala bwino akanachimenyetsa.

Imeloyo anailemba nthawi yaitali kuposa ina iliyonse. Asanatumize anandiitana kuti ndione ngati afotokoza vutolo molondola. Pamutu pake analemba dzina la gawolo ndi mawu oti lichedwa, komanso tsiku latsopano, kuti munthu adziwe asanatsegule n'komwe. M'kati munali motere:

"Bambo, gawo lolemba katundu popanda netiweki silikhala lokonzeka kumapeto kwa mwezi uno monga tinalonjezera. Tsiku latsopano ndi Lolemba pa 18 mwezi wamawa. Poyesa sabata ino tapeza kuti netiweki ikaduka foni ili m'kati motumiza, katundu mmodzi amachotsedwa kawiri kapena kuposa. Tikanakupatsani chonchi, chiwerengero cha mankhwala anu chikanasokonekera. Kukonza kwake kukufuna kusintha pafoni ndi pa seva pomwe, kenaka kuyesa pamalo a netiweki yofooka, zomwe tinayenera kuchita kale koma sitinachite. Chithunzi cha siginecha chomwe munapempha sichinatichedwetse. M'maimelo apitawa ndinakuuzani kuti zonse zili bwino. Sizinali choncho, ndipo ndinalemba ndisanaone ndi maso anga. Cholakwa chimenecho ndi changa, pepani. Ndikupempha kuti maphunziro a madalaivala muwasunthire Loweruka lotsatira tsiku latsopanoli. Pakadali pano pulogalamu yomwe ali nayo ikugwira monga kale, ndipo kopanda netiweki apitirize ndi mapepala. Lachisanu likudzali ndidzakuonetsani pomwe tafika, ndipo ngati tsikuli litayamba kukayikitsa, mudzamva kwa ine tsiku lomwelo."

Ndinati vutolo alifotokoza bwino. Kenaka ndinaloza mzere wa maimelo apitawo. "Uwu mutauchotsa, mayi, bodza palibepo. Mungokhala kuti simunanene."

Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. "Bambo aja ali nawo maimelo anga onse. Akafunsa kuti nanga zija munkati zili bwino zinali chiyani, ndidzayankha ndili kale pakona. Ndipo tsiku latsopanoli alikhulupirira bwanji ngati sindinawauze chomwe chinalakwika ndi lakale?" Anatembenuka kuyang'ana desiki la mlongo wawo. Alamu anali atavala zomvera m'makutu, msana uli kuno. Mayi Lachisanu anadina. Imelo inapita.

Bambo a magalimoto anaimba foni Lolemba. Anakalipa, monga zinayenera, chifukwa holo anali atalipeza kale ndipo madalaivala anali atauzidwa. Mayi Lachisanu anamvetsera osawadula. Pomaliza bambowo anati asuntha maphunzirowo, koma Lachisanu akufuna kuona ndi maso. Nkhani ya kasitomala inathera pomwepo.

Ya Bwana ndiye inali ikuyamba. Anawerenga mzere uja ndipo anafunsa funso lomwe Alamu analosera. Anatsegula mbiri ya zomwe zinasinthidwa mu pulogalamu, poti chilichonse chomwe munthu wasintha chimasungidwa ndi tsiku lake, ndipo zigamba zonse zija zinali poyera, kuyambira masabata am'mbuyo. Mayi Lachisanu analowa mu ofesi ya Bwana n'kutseka chitseko. Khoma lake ndi lagalasi. Tinawaona ataima, mayi amene sapempha kanthu kwa munthu, manja ali pamodzi pachifuwa. Ndinamva pambuyo pake kuti anati cholakwa ndi chawo, mwanayo anaopa, amuchotse pa gawolo koma asamuchotse ntchito, ngati n'kotheka chilango chigwere iwo. Bwana anati kulakwitsa amakhululuka, aliyense amalakwitsa, koma kubisa ayi. Anawonjezera kuti Mayi Lachisanu omwewo ndi amene anawaphunzitsa zimenezo. Kontirakiti ya Alamu inatha ndi mwezi womwewo.

Tsiku lomaliza Alamu anabweza laputopu ndi kiyi, anagwirana chanza ndi anyamata onse, ngakhale ine Aphwanya anandigwira. Pa desiki la achemwali ake anadutsa ngati pali khoma. Loweruka lake, iwo ali kumsika, anatenga zovala zake n'kupita kukakhala kwa mnzake mbali ina ya mzinda. Anasiya kiyi wa nyumba pansi pa kapu yomwe ankamwera tiyi. Foni yawo sankayankha. Mauthenga ankaoneka kuti awerengedwa, basi.

Agogo anatenga gawolo. Pokonza anapeza kuti zambiri zomwe Alamu analemba zinali zabwino, zaukhondo, ndipo anazisiya momwemo. Ine ndinakhala masana ambiri pansi pa masitepe ndi m'galimoto ya Agogo, tikuzungulira misewu ya kuseri kwa mafakitale. Lolemba pa 18 tinapereka. Madalaivala anaphunzira Loweruka lake. Kasitomala anatipatsa ntchito ina yaikulu, ndipo bambo a magalimoto analembera Bwana kuti akufuna iyendetsedwe ndi mayi omwewo, chifukwa iwo akati Lolemba ndi Lolemba. Bwana anaiwerenga imeloyo mokweza pamsonkhano, anthu anaomba m'manja. Mayi Lachisanu anamwetulira, anapempha kutuluka, ndipo ndinakawapeza pa masitepe a kuseri akulira ngati pamaliro. Ndinakhala nawo pamenepo. Ndikanati chiyani? Kuti anachita bwino? Ankadziwa, ndipo n'chimene chinkawawa.

Amati chibale ndi fupa sichiola. Mwina n'zoona, koma fupa limathyoka, ndipo wolithyola akakhala iwe mwini sugona. Papita chaka tsopano. Tinamva kuti Alamu anapeza ntchito kwina ndipo akuchita bwino. Mayi Lachisanu anamva kwa Agogo, Agogo anamva kwa mlonda. Mpaka lero Mayi Lachisanu amabwera okha m'mawa, chikwama chili paphewa pawo. Chipinda cha Alamu sanachisinthe. Anandiuza kuti amatsegula mazenera ake Loweruka lililonse kuti musamanunkhe chinyezi. Mpando uja amaukokabe pa desiki lililonse, osadumpha munthu, ndipo imelo ya Lachisanu sinaphonyepo.

Sabata yatha tinkadya pa masitepe aja. Ndinaona akuyang'ana foni, akulemba, akufufuta, akulembanso. Ine pakamwa panga sipamva, ndinafunsa.

"Alamu ayankha?"

"Amawerenga," anatero. "Kuwerengako ndi chiyambi."

"Nanga abwera liti kudzakuonani?"

Anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Ndinadikira tsiku, poti kwa iwo ndinazolowera kumva tsiku. Anayang'ana kumsewu komwe kunkadutsa anthu obwerera ku ntchito, ndipo anayankha motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Posachedwa."